Malikisi 20 omwe tinalephera kuwafotokoza

Tsiku lotsekera teremu yoyamba, makolo ambiri atanyamuka kale, m'chipinda cha aphunzitsi munalowa bambo wina wochokera ku Ntaja ali ndi lipoti m'manja. Anali malume ake a mtsikana wina wa Fomu 3, ndipo ndi iwo amene amathamangathamanga pa nkhani ya fizi ya mwanayo. Tinawapatsa mpando, tinalonjerana, kenaka anatambasula lipotilo pa tebulo ndi kuloza mzere wa Jogalafe.

"Aphunzitsi, ine sukulu sindinapite nayo patali," anatero. "Koma apa ndikuona kuti pa mayeso mwanayu wapeza 62 pa 80. Apa pa zokambirana wapeza 5 pa 20. Ndiuzeni chomwe walakwitsa kuti ndikamulangize."

Tinalipo aphunzitsi atatu omwe timayendetsa zokambirana za Fomu 3, ndipo tinangoyang'anana. Mmodzi wa ife anati mwanayo salankhula kawirikawiri. Malumewo anafunsa ngati zomwe amalankhula zimakhala zolakwika. Tinati ayi, akalankhula amanena zanzeru. Anafunsanso kuti nanga akanati alankhule kangati kuti apeze 10. Funso limeneli tinalibe nalo yankho. Anatithokoza mwaulemu, napinda lipoti lawo, ndipo ali pakhomo anatiuza kuti anthu akufuna kwabwino omwe amathandiza pa fizi ya mwanayo amayang'ana lipoti lomwelo teremu iliyonse.

Kwa makolo amene sadziwa, zokambiranazi zimachitika Lachitatu masana. Timapereka funso limodzi pasadakhale, ophunzira amakawerenga ndi kufunsa anthu, ndipo pa tsikulo amakhala mozungulira n'kumakambirana mphunzitsi atakhala pambali. Pa malikisi 100 a Jogalafe a teremu, 20 amachokera kumeneku. Awa ndi malikisi a pasukulu pano, sapita ku MANEB ndipo salowa m'zotsatira za MSCE. Koma amalembedwa pa lipoti, amasintha nambala yomwe mwana wakhala m'kalasi, ndipo monga tinaonera tsiku limenelo, pali anthu amene amawawerenga mofatsa kuposa mmene ife tinkawaperekera.

Malumewo atachoka tinatsegula kaundula wathu. Njira yathu inali yosavuta: wophunzira akalankhula, tinkaika kachizindikiro pa dzina lake, ndipo kumapeto kwa teremu tinkayang'ana mulu wa zizindikirozo n'kupereka malikisi mongoyerekeza. Mtsikana wa ku Ntaja anali ndi zizindikiro zinayi. Mnyamata wina wa ku Ulongwe anali nazo 31 ndipo tinamupatsa 18. Pa mayeso olemba mnyamatayo anapeza 50, ndiye kuti pamodzi anali ndi 68 pamene mtsikanayo anali ndi 67. Tinayesa kukumbukira chinthu chimodzi chomwe mnyamatayo ananena pa teremu yonse. Tinakumbukira mawu ake okweza, Chingerezi chake chosalala ndi dzanja lake lomwe linkakhala m'mwamba nthawi zonse, koma mfundo yake ngakhale imodzi sinatibwerere. Za mtsikanayo tonse atatu tinakumbukira tsiku lomwe anafunsa kuti ngati nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, nanga madzi ake amapita kuti ikamaphwa. Funso limenelo ndi lomwe linatsogolera kalasi ku nkhani ya madzi ouluka ndi dzuwa pa nyanja yosaya. Pa kaundula linali kachizindikiro kamodzi, kofanana ndi ka munthu amene wangoti "ndikugwirizana nazo".

Mnyamatayo analibe mlandu. Anaona chimene tinkawerenga ndipo anatipatsa chomwecho.

Pa holide tinagwirizana zolemba muyeso wochongera, pepala lonena poyera kuti yankho lotani lipeza malikisi angati. Loyamba lomwe tinalemba linali lokongola kwambiri. Linali ndi mbali zisanu: kudziwa phunziro, kuganiza mozama, kulankhula momveka, ulemu, ndi kutenga mbali. Mbali iliyonse inali ndi masitepe anayi, kuyambira "bwino kwambiri" mpaka "mofooka". Sabata yoyamba ya teremu yachiwiri awiri a ife tinakhala kumbuyo kwa kalasi, aliyense ndi pepala lake, n'kuchonga ophunzira omwewo. Titayerekeza, tinapeza kuti mwana mmodzi yemweyo wina wamupatsa 15 wina 9. Komanso mapepala onse awiri anali ndi mabokosi ambiri opanda kanthu, chifukwa yankho la pakamwa limatha m'masekondi 20 kapena 30, ndipo munthu ukamasankha bokosi pa mabokosi 20, wolankhula wachiwiri amakhala atamaliza kale.

Vuto lalikulu linali m'mawu omwe tinasankha. "Bwino kwambiri" sanena chimene wophunzira wachita, amangonena mmene mphunzitsi wamvera mumtima. Tinali titangotenga kuyerekeza kwathu kwakale kuja n'kukujambulira mizere. Malume aja akanabweranso kudzafunsa kusiyana kwa "bwino" ndi "bwino kwambiri", tikanayang'ananso monga poyamba.

Choncho tinasiya pepalalo ndi kuyambira kwina. Kwa masabata awiri sitinachonge aliyense. Mmodzi ankayendetsa zokambirana, wina ankalemba m'kope mayankho a ophunzira monga momwe akutulukira, popanda mayina. Tinadula mayankhowo m'timapepala, tinatiyala pa tebulo, ndipo aliyense payekha anatisanja m'milu kuyambira yankho lofooka kufika lamphamvu. Chodabwitsa n'chakuti pamene mayina ndi mawu a olankhula zinachoka, milu yathu inafanana kwambiri. Ntchito yotsala inali kufunsana kuti mayankho a mulu uwu ali ndi chiyani chomwe a mulu wapansi pake alibe.

Mmodzi wa ife anakumbukira zomwe anaphunzira ku koleji za akatswiri awiri a ku Australia, John Biggs ndi Kevin Collis, amene mu 1982 anafalitsa njira yosanjira mayankho a ophunzira yotchedwa SOLO. Iwo sayang'ana kutalika kwa yankho koma kamangidwe kake: kodi laphonya funso, lagwira mfundo imodzi, latchula mfundo zingapo zosalumikizana, lalumikiza mfundozo kukhala chinthu chimodzi, kapena lapitirira mpaka kufika pa nkhani ina yatsopano. Masitepe awo ndi asanu ndipo amagwira bwino pa yankho lolembedwa, lomwe ungaliwerenge kawiri. Khutu silingathe kusiyanitsa zonsezo pa liwiro la zokambirana, motero ife tinatenga ganizo lawo n'kulifupikitsa kuti ligwirizane ndi milu yathu.

Muyeso womwe tikugwiritsa ntchito tsopano uli ndi mbali ziwiri zokha. Mbali yoyamba ndi ya yankho lenilenilo, ndipo imayambira pa 0 kufika pa 3. Wophunzira amene sanalankhule, kapena walankhula zosakhudza funso, kapena wangobwereza za mnzake, amapeza 0. Amene wanena maganizo ake kapena mfundo imodzi yoona, osapereka chifukwa, amapeza 1. Amene wapereka maganizo pamodzi ndi chifukwa kapena umboni womwe wina angathe kuufufuza amapeza 2. Amene walumikiza zifukwa ziwiri kapena kuposerapo n'kusonyeza mmene china chimabweretsera chinzake, kapena waika mfundo yake pa sikelo ndi mfundo yotsutsana nayo, amapeza 3. Mbali yachiwiri ndi ya zomwe wachita ndi mawu a anzake, ndipo tiifotokoza tikamaliza yoyambayi.

Kuti zimveke, titenge funso lomwe tinakambirana pakati pa teremu yachiwiri: kodi kuletseratu kuotcha makala kungapulumutse nkhalango za ku Machinga ndi Balaka? Funsoli ophunzira athu amalidziwa ndi maso. Matumba a makala amawaona m'mbali mwa msewu wa Liwonde kupita ku Balaka, mapiri omwe akuyera amawaona, ndipo ena fizi yawo imachokera m'matumba omwewo.

Woyamba kulankhula anati makala ayenera kuletsedwa chifukwa ndi oipa ndipo akuwononga dziko lathu. Analankhula mwamphamvu, anzake anawomba m'manja. Yankholi tinalipatsa 1. Muli mawu akuti "chifukwa", koma chimene chatsatira ndi maganizo omwewo atavala malaya ena. Kunena kuti chinthu chiletsedwe chifukwa n'choipa sikutiuza kuti chikuwononga motani.

Wachiwiri anati makala aletsedwe chifukwa mitengo ikadulidwa m'mapiri, mvula imakokolola nthaka, ndipo anapereka chitsanzo cha mtsinje wa Rivirivi womwe nthawi ya dzinja umatsika wofiira ndi matope kukathira mu Shire. Uyu anapeza 2. Wapereka chifukwa chimodzi chomveka ndi umboni womwe aliyense wa ku Balaka angapite kukauona.

Wachitatu anatchula zinthu zinayi motsatizana: kukokoloka kwa nthaka, kusowa kwa nkhuni, kuuma kwa zitsime ndi kuchepa kwa malo okhala nyama. Yankholi linali lalitali kuposa onse ndipo m'njira yathu yakale likanatikopa. Pa muyeso watsopano linapeza 2. Zinthu zinayizo n'zoona, koma anangozindandalika monga katundu wa pa msika, osanena kuti china chikukhudzana bwanji ndi chinzake kapena kuti kuletsa kungasinthe chiyani pa izo. Kuchuluka kwa mfundo sikukweza munthu kuchoka pa 2 kufika pa 3.

Wachinayi anali mtsikana wa ku Ntaja uja. Anayamba ndi matope a Rivirivi omwe mnzake anatchula, n'kuwatsatira. Anati matopewo akalowa mu Shire kumunsi kwa Liwonde amakafika ku Nkula, komwe amadzaza dziwe losungira madzi opangira magetsi. Magetsi akamavuta, mabanja a m'tauni monga ku Blantyre ndi ku Zomba amadalira kwambiri mbaula, makala amafunidwa ochuluka, ndipo owotcha amalowanso m'nkhalango. Anamaliza ndi kunena kuti lamulo loletsa kuotcha makala popanda chilolezo lilipo kale, ndiye ngati likulephera, n'kutheka kuti vuto lili kwa ogula omwe alibe chophikira china osati kwa owotcha okha. Analankhula motsitsa mawu, anakakamira pa liwu limodzi la Chingerezi mpaka analinena m'Chichewa, koma yankholo linali la 3 mosakayikitsa. Tonse awiri omwe tinkachonga tinalemba 3 tisanayang'anane.

Mbali yachiwiri ya muyeso imayambira pa 0 kufika pa 2, ndipo ndi imene imasiyanitsa zokambirana ndi mayeso a pakamwa. Tisanaiike, ophunzira ankabwera ndi ziganizo zoloweza, aliyense n'kudikira mpata wake, kunena zake n'kukhala chete. Anali anthu 12 olankhula kwa mphunzitsi, osamverana. Tsopano amene sanakhudze mawu a wina aliyense, kapena wadula mnzake pakamwa, amapeza 0. Amene wabwereza molondola mfundo ya mnzake asanaonjezere yake amapeza 1. Amene waitenga mfundoyo n'kuisuntha amapeza 2, ndipo kuisuntha kungakhale kufunsa funso lomwe lakakamiza mnzake kupereka chifukwa, kumukonza ndi umboni, kapena kuvomera poyera kuti wasintha maganizo ndi kunena chimene chamusintha. Pa tsiku la makala, mtsikana uja anapeza 2 pa mbali imeneyi chifukwa anatenga Rivirivi wa mnzake n'kumufikitsa ku Nkula. Mnyamata wina amene tsikulo sanapereke yankho lakelake anapezanso 2 pa mbaliyi chifukwa cha funso limodzi: anafunsa woyamba uja kuti banja lomwe chimanga chake chapserera ndi ng'amba lidzadya chiyani likasiya makala.

Mbali ziwirizi zikaphatikizidwa, tsiku limodzi lili ndi malikisi 5. Tinagwirizana kuti pa mbali iliyonse tizitenga chabwino koposa chomwe wophunzira wachita tsikulo, osati kuphatikiza zonse. Wolankhula kasanu ndi kamodzi pa sitepe ya 1 amapeza 1. Wolankhula kamodzi pa sitepe ya 3 amapeza 3. Lamulo limeneli lokha linatsitsa manja ambiri omwe ankakhala m'mwamba popanda chonena, ndipo linatsegula mpata kwa ena.

Panalinso nkhani ya kuchuluka kwa ophunzira. M'kalasi muli 48, ndipo palibe munthu angamvetsere ndi kuchonga anthu 48 nthawi imodzi. Tinawagawa m'magulu anayi a anthu 12. Lachitatu lililonse magulu awiri amalowa pakati, lililonse mphindi 30, ena atakhala kunja kwa bwalo akumvetsera ndi kulemba. Motero wophunzira aliyense amalowa pakati kamodzi pa masabata awiri, ndipo pa masabata khumi amachongedwa kasanu. Timataya tsiku lomwe wapeza zochepa kwambiri n'kuphatikiza masiku anayi otsalawo, zomwe zimapereka malikisi 20. Tsiku lotayidwalo ndi la malungo, la maliro, la mvula yomwe yadula mlatho, kapena la funso lomwe langomukanika mwana. Aliyense amakhala nalo tsiku lotere.

Chomwe tinakangana kwambiri ndi chilankhulo. Jogalafe imaphunzitsidwa ndi kulembedwa m'Chingerezi, ndipo mmodzi wa ife ankaumirira kuti mwana amene sangathe kunena mfundo yake m'Chingerezi tikumunamiza tikamupatsa 3, popeza pa MSCE sadzapeza womumasulira. Mfundo imeneyi ndi yoona. Koma ambiri mwa ophunzira athu kunyumba amalankhula Chiyao, Chichewa anachidziwira m'bwalo la masewera ndi ku pulayimale, ndipo Chingerezi ndi chilankhulo chawo chachitatu. Tikaika kusalala kwa Chingerezi pa muyeso, tidzachonga pulayimale yomwe mwana anachokera ndi nyumba yomwe anakulira, pamene malikisi 80 a mayeso olemba akuyesa kale Chingerezicho. Tinamvana chonchi: zokambirana zimachitika m'Chingerezi, galamala sitichonga, ndipo wophunzira akasowa liwu angathe kulinena m'Chichewa kapena m'Chiyao, kenaka gulu limuthandize kulipeza m'Chingerezi lisanapitirire. Mnzathuyo sanakhutire kwenikweni, ndipo tagwirizana kuti tidzaionenso nkhaniyi ophunzirawa akalowa Fomu 4.

Muyeso ukalembedwa umafunika kuyesedwa, ndipo njira yake ndi yomwe inagwetsa pepala lathu loyamba lija. Aphunzitsi awiri amachonga gulu limodzi atakhala motalikirana, osaonetsana mapepala, kenaka n'kuyerekeza. Ulendo woyamba tinafanana pa ophunzira 7 mwa 12. Sitinagawane kusiyanako pakati kuti nkhani ithe. Tinatenga asanu otsalawo mmodzimmodzi n'kufunsana kuti mnzathu wamva chiyani chomwe ife sitinamve.

Atatu mwa asanuwo anali pa malire a 2 ndi 3, ndipo onse anali a mtundu wa wondandalika uja. Apa ndi pomwe tinaonjezera mawu akuti "n'kusonyeza mmene china chimabweretsera chinzake". Wachinayi anali atamanga yankho lolumikizana bwino koma pa maziko olakwika: ankaganiza kuti magetsi amapangidwa pa Kamuzu Barrage pa Liwonde pomwepo, pamene ntchito ya chotchingacho ndi kuwongolera madzi opita ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Wina mwa ife anamupatsa 3 chifukwa cha kaganizidwe, wina 1 chifukwa cha kulakwitsako. Tinagamula kuti ngati mfundo yolakwikayo ndi yomwe yanyamula yankho lonse, yankholo silipitirira 1, koma ngati ndi kuphonya pang'ono monga chaka kapena dzina, sitichotsa kanthu, timangokonza. Wachisanu anatichititsa manyazi. Mmodzi wa ife anavomera kuti anamupatsa 3 chifukwa ndi mwana wanzeru amene nthawi zonse amakhoza, ngakhale tsikulo sananene chilichonse choposa 2. Kuyambira pamenepo, wochonga akalemba 3 kapena 0 amayenera kulemba pambali mawu atatu kapena anayi a zomwe wamva. Ngati palibe cholemba, ndiye kuti wachonga mbiri ya mwanayo osati yankho lake. Titayesanso patapita masabata awiri tinafanana pa 10 mwa 12, ndipo pa awiri otsalawo tinasiyana ndi malikisi amodzi okha.

Tinaphunziranso kuti mphunzitsi mmodzi sangayendetse zokambirana ndi kuchonga nthawi yomweyo. Woyendetsa amakhala akuganiza za funso lotsatira ndipo amakumbukira okhawo amene anamuthandiza pamene kalasi inali zii. Tsiku lomwe mnzathu palibe, timapempha wophunzira wa gulu lakunja kuti ayendetse, mphunzitsi n'kukhala ndi pepala.

Muyesowo tinaupereka kwa ophunzira, tinaumata pakhoma, ndipo tinawapatsa timapepala tija topanda mayina kuti nawonso achonge. Sipanapite nthawi anapeza pozembera. Sabata yotsatira pafupifupi aliyense ankayamba ndi mawu akuti "monga wanenera mnzanga", kenaka n'kunena zosakhudzana n'komwe ndi zomwe mnzakeyo ananena. Mankhwala ake anali kale m'muyeso, m'liwu lakuti "molondola". Woyendetsa anayamba kutembenukira kwa wotchulidwayo n'kumufunsa ngati zimenezo ndi zomwe ananenadi. Akakana, palibe malikisi. Patatha milungu iwiri chizolowezicho chinatha, ndipo chinasiya phindu lomwe sitinaliyembekezere: ophunzira anayamba kulemba zomwe anzawo akunena kuti asagwidwe.

Otsala anali ofatsa, omwe ambiri mwa iwo ndi atsikana, ngakhale alipo anyamata angapo. Muyeso wabwino suthandiza munthu amene sanapatsidwe mpata wotsegula pakamwa. Katswiri wa maphunziro wa ku America, Mary Budd Rowe, anapeza m'zaka za m'ma 1970 kuti aphunzitsi ambiri akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha, ndipo akaphunzira kudikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho amatalika ndipo ophunzira ambiri amayankha. Tinadziyesa tokha ndipo tinapeza kuti ndife a sekondi imodzi. Tsopano funso likaperekedwa, aliyense amakhala ndi mphindi ziwiri zolemba mfundo yake pa kapepala, ndipo dzanja silikwezedwa nthawiyo isanathe. Kukatsala mphindi zisanu kuti gulu limalize, woyendetsa amapereka mpata kwa okhawo amene sanalankhule. Wina akakanikabe, amapereka kapepala kake, ndipo tikhoza kumupatsa mpaka 2 pa mbali yoyamba koma 0 pa yachiwiri, pakuti zokambirana zimafuna kuti anzako akumve.

Pali zomwe muyesowu suona, ndipo ndi bwino makolo azidziwe. Suona mwana amene wamvetsera mwachidwi mphindi 30 n'kupita kunyumba atasintha maganizo osanena kanthu. Suona amene anafotokozera mnzake nkhani yonse ku hositelo usiku, mnzakeyo n'kudzapeza 3 m'mawa mwake. Komanso umadalira funso. Tsiku lina tinafunsa mayina a mitsinje yothira m'nyanja ya Chilwa ndipo palibe anapeza 3, osati chifukwa cha ulesi, koma chifukwa funso lotere lilibe choti munthu alumikize kapena kutsutsa. Tsopano tisanapereke funso, timayamba tayesa tokha kulemba yankho la 1, la 2 ndi la 3. Likakanika la 3, funsolo timalisiya.

Malikisi a teremu yoyamba sitikanatha kuwachonganso, popeza zomwe ana analankhula zinapita ndi mphepo ndipo kaundula anali ndi zizindikiro zokha. Tinapita kwa aphunzitsi aakulu, tinafotokoza, ndipo anavomera kuti a Fomu 3 onse awerengeredwe Jogalafe ya teremu imeneyo pa mayeso olemba okha, ndi kuti kalata yofotokoza ipite kwa makolo. Ena amene malikisi awo anatsika sanakondwere, ndipo tinayenera kuwauza kuti olakwa tinali ife.

Kumapeto kwa teremu yachiwiri mtsikana wa ku Ntaja anali ndi 2, 3, 5, 3 ndi 4. Titataya 2 anatsala ndi 15. Mnyamata wa ku Ulongwe anayamba ndi 2 kawiri, zomwe zinamukwiyitsa mpaka anabwera kudzatifunsa. Tinamuonetsa mawu omwe tinalemba pambali pa dzina lake, anawawerenga, anayang'ana pakhoma, ndipo masiku atatu otsatira anapeza 3, 4 ndi 4. Anamaliza ndi 13. Masiku ano amalankhula kawiri kapena katatu pa tsiku, ndipo zomwe amanena timazikumbukira.

Malume aja anabweranso pa tsiku lotsekera. Tinawaonetsa pepala la mwana wawo, tinawafotokozera m'Chichewa tanthauzo la sitepe iliyonse, ndipo anafunsa za tsiku lomwe anapeza 2. Tinawauza kuti tsikulo anapereka chifukwa chabwino koma sanakhudze mawu a mnzake aliyense. Anagwedeza mutu n'kunena kuti zimenezo akazikamba naye pa njira yopita ku Ntaja.

Teremu ikubwerayi muyesowu uyamba kugwiritsidwa ntchito ku Fomu 2 pa phunziro la Mbiri, ndipo aphunzitsi ake ayamba kale kutolera timapepala tawo, chifukwa zitsanzo za makala sizingawathandize pa funso la John Chilembwe ndi kuukira kwa 1915. Kope la muyeso lamatidwa pa bolodi la zidziwitso pafupi ndi ofesi, m'Chingerezi ndi m'Chichewa. Kholo lililonse lofuna kuona mapepala a mwana wake lifike Lachitatu zokambirana zikatha, lidzatipeza m'chipinda cha aphunzitsi.